Mawu otsanzikana ndi madala a kusitolo: mphindi 5 za zaka 34

*Ndine folomani pa garaja ya malole ku Southerton, mu Harare ku Zimbabwe. Madala athu oyang'anira sitolo ya masipeya akupuma pa ntchito kumapeto kwa mwezi uno atagwira zaka 34, kuyambira 1991. Ndi iwo amene anandilandira ndili mnyamata, ndipo tonse makolo athu anachokera ku Malawi. Abwana akuti ndiyankhule m'malo mwa antchito, koma mphindi 5 zokha. Ndayesa kulemba, koma zikumveka ngati mbiri yowerenga pamaliro. Ndikonze bwanji?*

Achimwene, ndikhoza kulota mmene mwayalira pepala lanulo. Mwayamba ndi chaka chimene anabadwa, kenako sukulu, kenako tsiku limene analowa pageti, kenako maudindo, ndipo mwatsiriza ndi kunena kuti tidzawasowa. Ndondomeko imeneyi tonse tinaizolowera kumanda, n'chifukwa chake khutu likangoimva limayamba kuyembekezera nyimbo ya maliro. Onaninso mawu ochita amene mwagwiritsa ntchito. Ngati mzere uliwonse uli ndi "anali", "anali munthu wofatsa", "anali wolimbikira", ndiye kuti mwawaika kale m'bokosi pomwe iwo akhala pampando wakutsogolo atavala suti yawo yabwino, akumvetsera. Pali zinthu ziwiri zosintha lero lomwe. Choyamba, lankhulani ndi iwo, osati za iwo: "Madala, inu mumatero." Chachiwiri, chotsani mbiri yonse ya moyo. Imeneyo asiyireni a ku ofesi yolemba antchito kapena abwana, amene ali ndi fayilo. Inu mwasankhidwa chifukwa mumadziwa zimene m'fayilo mulibe.

Mphindi 5 si zambiri, koma zimakwana nkhani ziwiri zofotokozedwa bwino. Mawu a Chichewa ndi aataliatali, ndipo munthu wolankhula mosathamanga pagulu amatha mawu osapitirira 90 kapena 100 pa mphindi. Choncho musalembe mawu oposa 400. Ndikadakhala ine ndikadalemba ochepera apo, chifukwa anthu akaseka kapena kuwomba m'manja wotchi siima.

Ntchito yeniyeni ili pa kupeza nkhani ziwirizo, ndipo imachitika musanagwire cholembera. Tengani masiku awiri kapena atatu mukuyenda m'garajamo ndi kakope m'thumba. Musayambe ndi abwana. Pitani kwa dalaivala wakalekale, kwa makaniko amene amakangana nawo pawindo la sitolo tsiku ndi tsiku, kwa mlonda wapageti, kwa mayi ophika tiyi, ndiponso kwa mnyamata amene walowa ntchito chaka chino. Funso lofunsa ndi limene anthu ambiri amalakwitsa. Mukafunsa kuti "Kodi madala ndi munthu wotani?" aliyense adzakuyankhani chimodzimodzi: ndi abwino, ndi olimbikira, sakonda zachinyengo. Mawu amenewa akhoza kunenedwa za mphunzitsi, za namwino, za m'busa, ndipo akanenedwa pamwambo palibe amene amawakumbukira. Funsani mafunso amene yankho lake ndi tsiku linalake. Ndi liti pamene anakukanizani chinthu inu n'kukwiya, kenako n'kuzindikira kuti ankanena zoona? Ndi mawu ati amene amabwereza mpaka anyamata amawayeseza iwo kulibe? Ndi tsiku liti limene lole ikadagona panjira pakadapanda iwo? Lolemba m'mawa akadzakhala kulibe, n'chiyani chimene chidzayambe kusokonekera? Funso lomalizali limatulutsa zinthu zodabwitsa, chifukwa munthu wa kusitolo ntchito yake imaoneka pokhapokha ikalephereka. Ikamayenda bwino, makaniko amangoona kuti fyuluta yapezeka, belingi yapezeka, osaganizako kuti wina anaitanitsa milungu itatu yapitayo ataona kuti pakadi patsala ziwiri.

Mudzabwerako ndi nkhani zisanu ndi imodzi kapena kuposa. Kuti mudziwe yosunga, iyeseni motere: chotsani dzina la madala, muikepo la munthu wina wa pagarajapo. Ngati nkhaniyo ikumvekabe yoona, itayeni. Ngati anthu angafuule kuti "Ayi, amenewo ndi madala basi!", imeneyo ndi yanu. Pa zotsalazo sankhani imodzi yoonetsa luso lawo pa ntchito ndi ina yoonetsa mtima wawo kwa anthu. Yachiwiriyo ikhale yanu, ya tsiku limene anakulandirani, chifukwa palibe wina angaifotokoze.

Kenako tsimikizani zaka. Izi zimaoneka zazing'ono koma ndaonapo mwambo ukuzizira chifukwa wolankhula wanena zaka 30 mwini wake akudziwa kuti ndi 34. Munthu amene wadzuka 4 koloko m'mawa kwa zaka zonsezo kuti apeze kombi amadziwa chiwerengero chake bwino lomwe, ndipo mayi akunyumba amachidziwa koposa. Funsani ku ofesi mwezi umene analowa ndi ntchito imene anayambira. Nthawi zambiri anthu otere sanayambire pa udindo umene akusiyawu. Mwina anayamba ndi kusesa, kutsuka masipeya m'palafini kapena kunyamula matayala, ndipo chimenecho chokha ndi chiganizo chabwino chotsegulira.

Chaka cha 1991 chikupatsani mwayi wina. Munthu amene analowa ntchito nthawi imeneyo wadutsa m'zinthu zimene aliyense m'chipindamo akuzidziwa: chilala cha 1992, zaka za ESAP, ndondomeko ya boma yosintha kayendetsedwe ka chuma, pamene mafakitale a ku Workington, Southerton ndi Willowvale ankachotsa anthu, chaka cha 2008 pamene malipiro ankatha mphamvu munthu ali pamzere wa kubanki, ndi kutsekedwa kwa dziko chifukwa cha Covid mu Marichi 2020. Musazitchule zonse, mwambowu si phunziro la mbiri ya dziko. Tengani chaka chimodzi chimene chikugwirizana ndi nkhani yanu. Mukangoti "2008", simufunikanso kufotokoza kuti zinthu zinali zovuta, anthu adzagwedeza mitu okha, ndipo mwapulumutsa theka la mphindi.

Tsopano tiyerekeze kuti mwafunsafunsa ndipo mwapeza izi. Madala ali ndi lamulo lakuti sapereka sipeya yatsopano usanabweretse yakale. Zakalezo, zimene zikadali ndi moyo, amazitsuka, kumangirira kakatoni ndi waya, kulembapo nambala ndi lole imene zachokera, n'kuziika pa shelefu yakumbuyo imene anyamata amaiseka. Mu 2008 lole ina inafa pampu ya madzi ku Nyamapanda, pamalire a Mozambique, m'tauni monse pampu kulibe, ndipo inapezeka pa shelefu yomweyo. Nkhani yanuyanu, tinene kuti anakubwezani sabata yanu yoyamba chifukwa munalibe pepala losainidwa. Zanu zenizeni zidzakhala zina, koma onani mmene zimenezi zingamangidwire. Pamene ndalemba "a Uje" muikepo chiwongo chawo.

"Abwana, akuluakulu onse, mayi athu ndi ana amene mwabwera, ndi anzanga a m'garaja muno, zikomo pondipatsa mpata.

A Uje, madala athu. Munalowa pageti ili mu 1991 kudzatsuka masipeya m'palafini. Lero mukutuluka mutasunga makiyi a sitolo yonse, ndipo pa zaka 34 zimenezi palibe tsiku limene buku lanu linasiyana ndi shelefu.

Aliyense muno amene anaimapo pawindo lanu akudziwa funso lanu. Munthu sunamalize n'komwe kupempha, inu mwafunsa kale: 'Yakale ili kuti?' Anyamata amakuyesezani mukakhala kulibe, lero ndawaulula. Tinkadandaula, tinkati madala akusunga zinyalala. Ndiye kunabwera 2008. Lole yathu inafa pampu ya madzi ku Nyamapanda itanyamula katundu. Tinaimba mafoni tauni yonse, ndalama zili m'manja koma pampu kulibe. Inu simunayankhule kanthu. Munangotsegula buku lija, kupita ku shelefu yakumbuyo, n'kubwera ndi pampu yomangirira kakatoni, yolembedwa ndi dzanja lanu zaka zambiri m'mbuyomo. Inakwera basi madzulo omwewo, ndipo lole inalowa pageti patapita masiku awiri. Dalaivala wake ndi uyo wakhala apoyo, mufunseni. Kuyambira tsiku limenelo palibe amene anatchulanso zinyalala.

Ine munandibweza sabata yanga yoyamba. Ndinabwera kudzatenga fyuluta ya dizilo wopanda pepala, ndikuthamanga, makaniko akundikalipira kumbuyo. Munati, 'Mwana wanga, kasainitse.' Ndinachoka ndikung'ung'udza. Nthawi ya nkhomaliro munandiitana, n'kukankhira mbale yanu pakati, ndipo tikudya munandionetsa mmene amawerengera nambala ya sipeya kuti ndisadzatengenso yolakwika. Lero ndine folomani, ndipo mnyamata akabwera wopanda pepala ndimamva mawu anu akutuluka m'kamwa mwanga.

Mayi, tikuthokozeni inu. Masiku owerenga sitoko ankafika kunyumba usiku, ndipo mafoni a malole ofera panjira ankalira inu mukugona. Munatibwereka bambowa kwa zaka 34. Lero tikukubwezerani ali bwinobwino.

Madala, Lolemba wotchi ikalira musadzuke. Koma foni musazimitse, chifukwa pali zinthu pa shelefu ija zimene mukuzidziwa inu nokha. M'malo mwa anzanga onse, zikomo. Tiyeni tiimirire tiwaombere m'manja."

Mawu amenewa ndi ochepera 300, ndipo ngakhale ndi kuseka ndi kuwomba m'manja sapitirira mphindi zanu 5. Onani kuti mulibe pamene ndanena kuti ndi okhulupirika kapena achikondi. Pampu ndi mbale zanena zimenezo, ndipo omvera amakhulupirira kwambiri chinthu chimene aganiza okha. Onaninso kuti ndaloza dalaivala. Mukatchula munthu amene ali m'chipindamo ngati mboni, mitu imatembenuka, iye amamwetulira, ndipo nkhani ija imasanduka ya gulu lonse. Koma mumuuziretu, asadzidzimuke. Chiganizo chija chakuti buku silinasiyane ndi shelefu muchinene pokhapokha ngati a ku maakaunti avomereza kuti n'choona. Ngati panali chaka china chimene sitoko inavuta, anthu akukumbukira, ndipo chiyamikiro chabodza chimachititsa manyazi mwini wake.

Malonje ndawafupikitsa dala. Mwambo wathu umafuna kuti akuluakulu alemekezedwe, ndipo musadumphe zimenezo, koma wotsogolera mwambo adzakhala atawatchula kale mmodzimmodzi. Inu mukayambanso kuyambira kwa mwini kampani mpaka kwa wapampando wa komiti ya antchito, mphindi imodzi yapita musananene kanthu za madala. Miyambi nayonso isamaleni. Wina aliyense pamwambo wotere amafuna kunena kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ndi woona, koma ngati wolankhula woyamba waunena kale, inu usiyeni. Mwambi wabwino koposa pa tsikuli ndi mawu a madala eni ake, aja amabwereza pawindo.

Pali nkhani ziwiri zimene kuno ku Harare muyenera kuziponda mosamala, ndipo yoyamba ndi ndalama. Musanene kuti "tsopano mukadye penshoni yanu mwamtendere", ngakhale moseka. Anthu a msinkhu wawo anasonkha zaka zambiri m'dola ya Zimbabwe, ndipo pamene dziko linasiya ndalamayo mu 2009 zambiri za zimene anasonkhazo zinasungunuka. Nkhaniyi inakula mpaka boma linakhazikitsa komiti yoifufuza mu 2015. Penshoni ya NSSA, bungwe la boma losunga penshoni za antchito, nayo inayamba mu 1994, iwo atagwira kale zaka zitatu, ndipo aliyense amene ali ndi kholo lolandira kumeneko akudziwa kuti sizifika patali. Madala akhoza kukhala kuti usiku sagona poganiza za mwezi wamawa. Mukawajambulira chithunzi cha munthu wokhala pakhonde akuwerenga ndalama, adzamwetulira mwaulemu, koma mayi adzayang'ana pansi. Komanso musatembenuze mawu anu kukhala madandaulo kwa abwana. Ngati antchito mukuona kuti phukusi lawo ndi lochepa, pitani ku ofesi ndi komiti ya antchito tsikulo lisanafike. Pamwambo, madala ndi amene angatsale ndi manyazi.

Yachiwiri ndi ya kumudzi. Ife a kuno timakonda kunena kuti munthu akapuma abwerera kwawo, ndipo wina adzafuna kuseka kuti madala akwere basi ya ku Blantyre. Funsani kaye. Ambiri amene makolo awo anabwera nthawi ya Chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, kapena kale kuposa apo, anabadwira kuno, ku Mbare, Mufakose, Mabvuku kapena m'mapulazi ndi m'migodi. Ena Dedza kapena Ntcheu amangomva m'nkhani za agogo, ndipo alibe munda wopitako kuno kapena uko. Enanso anakhala zaka ndi chitupa chowalemba kuti ndi alendo m'dziko limene anabadwira, mpaka malamulo a dziko a 2013 anatsegula njira kwa obadwira kuno amene makolo awo anachokera m'maiko a m'chigawo chino monga Malawi. Kwa munthu wotere, nthabwala ya kubwerera kwanu pamaso pa anzake a Chishona imabaya pamalo akale. Ngati iwo eni amanyadira za Malawi ndipo akukonzadi ulendo, itchuleni ndi mtima wonse. Ngati ayi, tsogolo lawo litengeni pa zimene mukudziwa: udindo wawo ku mpingo, nkhuku zawo, adzukulu, kapena timu imene amaikonda. Mayi kapena mwana wamkulu adzakuuzani pa foni ya mphindi ziwiri, ndipo adzakuuzaninso zosayenera kutchula, monga matenda kapena mwana amene anamwalira.

Nthabwala zina zonse ziyeseni ndi funso limodzi: kodi madala anasekapo okha nkhani imeneyi pamaso pa anthu? Kuuma kwawo pa mapepala, inde. Mowa, akazi, ngongole, kugona pa ntchito, ukalamba ndi kuiwala, ayi, ngakhale anyamata akukakamizeni bwanji. Ana awo ali pomwepo ndipo wina akujambula pa foni.

Chilankhulo musankhe mutaona anthu. M'garajamo ambiri akumva Chishona, abwana mwina Chingerezi, ndipo madala ndi inu muli ndi Chichewa. Musayese kunena chiganizo chilichonse kawiri, chifukwa womasulira amadya theka la nthawi yanu ndipo nthabwala imafa ikamadikira kumasuliridwa. Njira imene ndaona ikugwira ndi iyi: malonje ndi nkhani ya pampu m'chilankhulo chimene chipinda chonse chikumva, kenako pofika pa nkhani ya mbale, mawu a kwa mayi ndi kutsanzika, mupepese kwa gulu ndi chiganizo chimodzi kuti apa mulankhula ndi bambo anu m'chilankhulo cha makolo, n'kutembenukira kwa iwo. Anthu a ku Harare amamva Chichewa kuposa mmene amavomerera, ndipo amene sakumva adzaona nkhope ya madala. Mawu amene madala amabwereza pawindo muwanene mmene amawanenera, m'chilankhulo chomwecho ndi kamvekedwe komweko. Ngati anyamata amawaitana kuti Sekuru, litchuleni kamodzi kuti nawonso amve kuti aimiridwa, koma inu muwaitane mmene mumawaitanira masiku onse. Mukayamba mwadzidzidzi kuwatchula ndi maina onse a pachitupa, adzadabwa kuti mukunena ndani.

Mukamaliza kulemba, werengani mokweza muli chiimire, foni ikuwerenga nthawi. Kuwerenga chamumtima kumanamiza, kumathamanga kuposa pakamwa. Mukapitirira mphindi 4 ndi theka, musayese kulankhula mofulumira, chotsani ziganizo. Zoyamba kuchotsa ndi zija zofotokoza tanthauzo la nkhani mutaimaliza kale, monga "izi zikutionetsa kuti madala ndi munthu woganiza za mawa". Pamene lilime lapunthwa kawiri, chiganizocho ndi chachitali kapena si mmene mumalankhulira, chisintheni. Muwerengereninso munthu mmodzi amene akuwadziwa madala, makamaka uja wosaopa kukuuzani kuti apa mwawonjezera.

Pa tsikulo musanyamule pepala lodzaza ndi zilembo zing'onozing'ono, ndipo musawerenge pa foni, chifukwa imazima pamene mukuifuna. Nkhani ziwirizo mukuzidziwa kale, munalipo. Lembani pa kakhadi mawu okumbutsa okha, 1991, yakale ili kuti, Nyamapanda, fyuluta, mayi, Lolemba, koma chiganizo choyamba ndi chomaliza muzilembe zonse, chifukwa mantha amagwira poyamba ndipo kusowa potsirizira ndi kumene kumatalikitsa zolankhula. Ngati mwambo uli m'garaja momwemo, pemphani kuti kompuresa izimitsidwe musanaimirire. Imani pamene madala akuonani osapotoza khosi.

Pa nkhani ya mbale ija mawu akhoza kukutsamwani. Zikatero imani, yang'anani kakhadi, pumani mpweya, mupitirize. Musapepese ndipo musayambe kufotokoza chifukwa chake. Anthu adzadikira, mwinanso kuwomba m'manja kuti akupatseni mpata.

Mphatso isalowe pakati pa mawu anu. Gwirizanani ndi wotsogolera mwambo kuti iperekedwe mukangomaliza, anthu akadali chiimire, ndipo mayi aitanidwe kutsogolo limodzi ndi madala. Ngati antchito mwasonkha envulopu, musatchule kuchuluka kwake. Muwauziretu madala masiku angapo mwambo usanafike kuti adzapatsidwa mpata woyankha, chifukwa anthu ambiri a kusitolo sanazolowere maikolofoni, ndipo ena amakonda kuti mwana wawo ayankhe m'malo mwawo. Mpata wawowo usakhale ndi wotchi, ndipo muwauze abwana zimenezo pasadakhale.